Nambala ya kakwezedwe ka shuga m'magazi: kodi ili ndi ntchito kwa wakabaza wa ku Kachulu?

M'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo, kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, anthu ambiri amalimbitsa thupi tsiku ndi tsiku ngakhale kuti eniake satchula choncho. Wakabaza amapalasa njinga kuchoka pa doko la Kachulu atasenza dengu la matemba, mlimi amaswa zigulumwa mu sikimu ya mpunga ya Likangala, ndipo madzulo achinyamata amasewera mpira wamiyendo ndi wamanja pa mabwalo a sukulu. Tsopano anthu omwewa ayamba kumva malangizo akuti nsima ndi mpunga zimakweza shuga msanga, choncho munthu wolimbitsa thupi azisankha zakudya za nambala yotsika. Kwa banja lomwe chakudya chake chenicheni ndi nsima, nkhaniyi si yaing'ono. Nkhani ino ikufotokoza chomwe nambalayi imayeza, momwe imapezekera, komanso nthawi zomwe ili ndi ntchito ndi zomwe ilibe.

Nambalayi ndi chiyani?

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi buledi ndi zakudya zokhala ndi sitachi. Zikafika m'mimba, thupi limaphwanya sitachiyo n'kukhala shuga wotchedwa gulukosi, yemwe amalowa m'magazi n'kukapereka mphamvu ku minofu ndi ku ubongo. Zakudya zina zimaphwanyika msanga, shuga n'kukwera mwadzidzidzi ngati mtsinje wa Likangala mvula ikagwa yamphamvu ku phiri la Zomba. Zina zimaphwanyika pang'onopang'ono, shuga n'kumalowa ngati madzi oyenda m'ngalande ya sikimu.

Akatswiri amayeza kusiyana kumeneku ndi nambala yotchedwa gilaisimiki indekisi, yomwe m'nkhani ino tiziingotchula kuti indekisi. Anaiyambitsa ndi David Jenkins ndi anzake a pa Yunivesite ya Toronto ku Canada m'chaka cha 1981. Cholinga chawo chinali kuthandiza odwala matenda a shuga kusankha zakudya. Nkhani yoigwiritsa ntchito pa zamasewera inabwera pambuyo pake.

Gulukosi weniweni anapatsidwa nambala 100, ndipo zakudya zina zonse zimayerekezedwa ndi iyeyo. Chakudya chomwe chapeza 55 kapena kucheperapo chimatchedwa chotsika. Kuyambira 56 kufika 69 ndi chapakati, ndipo 70 kupita m'tsogolo ndi chokwera. Pa mindandanda yomwe akatswiri amagwiritsa ntchito padziko lonse, buledi woyera amapezeka cha m'ma 75, mpunga woyera wophika cha m'ma 73, mbatata yophika cha m'ma 63, nthochi yakupsa cha m'ma 51, pomwe nyemba zimapezeka pansi pa 30. Matemba, mlamba, mazira ndi mafuta ophikira zilibe indekisi chifukwa mulibe sitachi.

Amayeza bwanji?

Kudziwa momwe nambalayi imapezekera kumathandiza kumvetsa malire ake. Ofufuza amatenga anthu athanzi osachepera khumi omwe agona osadya. M'mawa aliyense amapatsidwa chakudya chomwe akuchiyezacho, pa mlingo woti mukhale magalamu 50 a sitachi kapena shuga wogayika. Amadya chokhacho, popanda ndiwo. Kenako amabayidwa pachala kuti ayezedwe shuga, poyamba mphindi 15 zilizonse, kenako mphindi 30 zilizonse, mpaka maola awiri atakwana. Tsiku lina anthu omwewo amamwa madzi osungunuliramo magalamu 50 a gulukosi, n'kuyezedwanso chimodzimodzi. Kukwera konse kwa shuga pa maola awiri a chakudya chija kumayerekezedwa ndi kwa gulukosi. Ngati chakudyacho chakweza shuga theka la momwe gulukosi anakwezera, indekisi yake ndi 50.

Taonani zinthu zitatu pamenepa. Munthu woyezedwayo amakhala atakhala pansi, sakugwira ntchito. Amadya chakudya chimodzi chokha. Ndipo mlingo wake amachita kumuikira. Wakabaza wa ku Kachulu sakwaniritsa chilichonse mwa zitatuzi: amadya nsima ndi ndiwo, amadya mitanda yomwe akufuna, ndipo akangosamba m'manja amakwera njinga.

Nambalayi imasinthanso malinga ndi munthu. M'chaka cha 2016, ofufuza a pa Yunivesite ya Tufts ku America anayeza buledi woyera yemweyo pa anthu 63. Pophatikiza onse anapeza 62, koma kwa ena buledi yemweyo anaoneka wotsika pomwe kwa ena anaoneka wokwera, ndipo ngakhale munthu mmodzi yemweyo ankapereka nambala zosiyana akayezedwa masiku osiyana. Choncho kusiyana kwa pakati pa 63 ndi 70 sikoti munthu angasinthire kadyedwe ka banja lonse.

Zomwe zinapezeka pa nsima yathu

Ambiri amakhulupirira kuti nsima ya mgaiwa siikweza shuga pomwe ya ufa woyera ndiye yoopsa. Ofufuza a ku Bunda, pa Yunivesite ya Zaulimi ndi Zachilengedwe ya Lilongwe, anayeza nsima zophikidwa mwa kaphikidwe ka kuno, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016. Nsima ya ufa woyera, wa mphale yoviikidwa m'madzi masiku angapo, inapeza nambala yapakati, cha m'ma 65. Ya mgaiwa inapitirira 90, ndipo ya gramilu, ufa wa chimanga chokonola koma chosaviika, inapitirira 100.

Chifukwa chake n'chomveka. Chimanga chikagayidwa n'kuphikidwa m'madzi owira, sitachi yake imafewa ndipo imagayika mosavuta m'mimba, kaya gaga alimo kapena mulibe. Koma mphale ikaviikidwa imasasa pang'ono, ndipo zosasa zimachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu komanso kugayika kwa sitachi.

Izi sizikutanthauza kuti mgaiwa ndi woipa. Pokonola ndi poviika, chimanga chimataya gaga, mafuta a mu mtima wa njere, mavitamini ndi michere ina, ndipo zonsezi zimatsala mu mgaiwa. Phunziro lake ndi lakuti indekisi imayeza chinthu chimodzi chokha, liwiro la shuga, osati ubwino wonse wa chakudya. Chitsanzo china ndi chipisi: chifukwa cha mafuta ambiri, kawirikawiri chimapeza nambala yotsikirapo kuposa mbatatesi yophika m'madzi, koma palibe dokotala angakuuzeni kuti chipisi ndiye chabwino koposa. Ngakhale shuga wothira mu tiyi amapeza cha m'ma 65, kutsikirapo kuposa buledi.

Kuchuluka kwa chakudya kumaposa mtundu wake

Poona kuti anthu sadya magalamu 50 oyezedwa, akatswiri a pa Yunivesite ya Harvard anabweretsa nambala yachiwiri mu 1997, yomwe tingaitchule kuti katundu wa shuga. Iyi imaphatikiza liwiro ndi kuchuluka kwa zomwe munthu wadya. Kawerengedwe kake ndi kotere: tengani indekisi, chulukitsani ndi magalamu a sitachi omwe ali m'mbale, kenako gawani ndi 100.

Tiyeni tiyesere pa nsima. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 umakhala ndi magalamu 70 kapena kupitirirapo pang'ono a sitachi. Tiyerekeze kuti bambo wina wadya nsima yomwe yamupatsa magalamu 100 a sitachi. Ngati ndi ya ufa woyera, 65 kuchulukitsa ndi 100 n'kugawa ndi 100 kukutipatsa 65. Mkazi wake wadya theka la mlingo umenewo, koma nsima yake ndi ya mgaiwa ya indekisi 94. Iye akupeza 94 kuchulukitsa ndi 50 n'kugawa ndi 100, zomwe ndi 47. Wadya nsima "yokwera" uja ndiye wasenza katundu wochepa wa shuga. Mtanda umodzi woonjezera umasintha zinthu kwambiri kuposa kusintha mtundu wa ufa.

Mavwende amaonetsa mbali ina ya nkhani yomweyi. Indekisi yake ili cha m'ma 76, koma chibenthu cha magalamu 120 chimakhala ndi shuga wongokwana magalamu 6 chifukwa kwambiri ndi madzi. Katundu wake sakwana ndi 5 yemwe.

Ndiwo nazo zimasintha nkhani. Nsima ikadyedwa ndi nandolo, nyemba, matemba kapena nkhwani wotendera, zomanga thupi, mafuta ndi masamba zimachedwetsa chakudya m'chifu, shuga n'kukwera mwapang'onopang'ono kusiyana ndi momwe zikanakhalira nsimayo ikanadyedwa yokha. Kaphikidwe nako kamasintha zinthu. Mbatata yootcha imakweza shuga msanga kuposa yophika m'madzi, ndipo futali wothira nsinjiro amachedwerako. Nthochi yopsa kwambiri imakweza msanga kuposa yomwe yangoyamba kupsa. Mkute ndi mpunga wozizira zimakhala ndi sitachi ina yomwe yalimba ndipo sigayika, koma kusintha kwake n'kochepa, ndipo mpunga wogonera pamalo otentha ukhoza kutsegula m'mimba.

Zomwe zimachitika minofu ikamagwira ntchito

Munthu akakhala pansi, shuga amalowa m'minofu mothandizidwa ndi insulini, madzi a m'thupi omwe amapangidwa ndi kapamba. Koma minofu ikayamba kugwira ntchito imatsegula njira yakeyake yokokera shuga kuchokera m'magazi, yosadalira insulini. Ntchito ikatha, minofuyo imakhalabe yomvera insulini kwa tsiku lathunthu kapena kupitirira. Ichi n'chifukwa chake nsima yomweyo imakweza shuga mosiyana mwa munthu amene wadya n'kukagona pa mkeka ndi amene wadya n'kubwerera kudimba. Ngakhale kuyenda mphindi 10 kapena 15 mukangomaliza kudya kumachepetsa kukwera kwa shuga.

Thupi lilinso ndi nkhokwe yake. Shuga wotsala amasungidwa ngati gilaikojeni, pafupifupi magalamu 400 m'minofu ndi pafupifupi magalamu 100 m'chiwindi mwa munthu wamkulu wodya bwino. Nkhokwe imeneyi imakwanira ntchito yolimba yosalekeza ya ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Choncho mphunzitsi amene amathamanga mphindi 30 m'mawa, kapena mtsikana wosewera mpira wamanja kwa ola limodzi madzulo, sagwiritsa ntchito chakudya chomwe wangodya kumene chokha. Mphamvu yake yambiri ikuchokera ku nsima ya dzulo. Kwa anthu otere, indekisi ya chakudya cham'mawa siingasinthe liwiro lawo m'njira yoti n'kuizindikira.

Nanga maganizo akuti wamasewera azidya zotsika anachokera kuti? Mu 1991, ofufuza a ku Sydney m'dziko la Australia anapatsa akatswiri opalasa njinga chakudya ola limodzi asanayambe kupalasa. Atadya mphodza zamtundu wina za indekisi yotsika anapalasa pafupifupi mphindi 20 kuposa momwe anachitira atadya mbatatesi. Koma awa anali anthu ochepa, opalasa mpaka kulefuka, ndipo sankadya kanthu m'njira. Mu 1998, Louise Burke ndi anzake, nawonso a ku Australia, anabwereza kafukufuku wofanana ndi ameneyu koma analola opalasawo kumwa zakumwa za shuga akupalasa. Kusiyana kuja kunatheratu. Kafukufuku wina wotsatira wakhala akupereka zotsatira zosagwirizana. Mfundo yomwe yakhazikika ndi yakuti kudya kanthu m'kati mwa ntchito yaitali kumaposa kusankha indekisi ntchito isanayambe.

Tsiku la wakabaza

Tiyerekeze mnyamata wolemera makilogalamu 60, wopanda matenda a shuga, amene akunyamuka pa Kachulu m'mawa ndi katundu kupita mu mzinda wa Zomba kudzera ku Matawale. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 30, ndipo popita njira imakwera chifukwa nyanja ili m'chigwa. Ndi katundu komanso dzuwa, ukhoza kumutengera maola awiri kapena atatu, ndipo masana ayenera kubwerera.

Asananyamuke, funso lofunika ndi lakuti wadya kapena sanadye. Usiku chiwindi chimakhala chikutulutsa shuga wodyetsa ubongo, moti pofika m'mawa nkhokwe yake imakhala itachepa kwambiri. Phala, mbatata, mpunga kapena mkute, chilichonse mwa izi chikhoza kuidzazanso. Akadya ola limodzi kapena awiri asananyamuke, m'mimba mumakhala mutakhazikika. Nyemba zambiri zili ndi nambala yotsika, koma zikhoza kumudzaza mpweya m'mimba ali pa chishalo, choncho zimayenera madzulo.

Ali m'njira, malangizo a akatswiri a zakudya za amasewera amati ntchito ikapitirira ola limodzi, munthu azidya magalamu 30 mpaka 60 a sitachi kapena shuga pa ola lililonse. Nthochi yaikulu imodzi imapereka pafupifupi magalamu 25, ndipo mbatata yophika yaikulu ngati nkhonya imapereka pafupifupi magalamu 30. Thobwa ndi mzimbe nazo zimathandiza. Apa chakudya cholowa msanga m'magazi ndiye chofunika, chifukwa minofu ikuchiyembekezera. Akapanda kudya, zizindikiro zimaoneka chakumapeto kwa ulendo: miyendo imalemera mwadzidzidzi, njala imaluma, mutu umazungulira, ndipo chitunda chomwe amakwera masiku onse chimamukakamiza kutsika n'kukankha. Zikatero n'chizindikiro chakuti nkhokwe yatha, osati kuti anadya ufa wolakwika. Ngati akumva ludzu lalikulu, mutu ukuwawa ndipo mkodzo ndi wochepa komanso wachikasu kwambiri, vuto ndi kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo mankhwala ake ndi kumwa madzi.

Atafika ku Zomba, amakhala ndi maola ochepa asanabwerere. Pamenepa ndi pomwe indekisi ili ndi ntchito yeniyeni. Ngati pakati pa ntchito ziwiri zolimba pali maola osakwana asanu ndi atatu, malangizo amati munthu adye pafupifupi galamu imodzi ya sitachi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa ola, m'maola oyambirira. Kwa mnyamata wathu ndi magalamu 60 pa ola, ndipo zakudya zogayika msanga monga nsima, mpunga woyera ndi buledi zimadzaza nkhokwe mofulumira kuposa nyemba. Koma ngati ulendo wina ndi wa mawa, palibe chothamangira. Akadya mokwanira tsiku lonse, nkhokwe imadzaza yokha usiku.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimagwira anthu ena. Akamwa tiyi wa shuga wambiri kapena chakumwa cha m'botolo mphindi 30 kapena 45 asanayambe kuthamanga, insulini imakwera, ndipo akayamba kuthamanga minofu nayo imakoka shuga. Shuga amatsika kwakanthawi, munthu n'kumva kufooka ndi kunjenjemera m'mphindi zoyambirira. Kwa ambiri zimatha zokha. Amene zimamuvutitsa adye msanga, kutatsala maola awiri, kapena amwe chakumwacho atayamba kale masewera.

Amene ayenera kusamala

Nkhani imasintha kwa munthu wa matenda a shuga kapena amene anauzidwa kuchipatala kuti shuga wake wayamba kukwera. Kafukufuku wa dziko lonse wa matenda osapatsirana wa mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi shuga wokwera, ndipo ambiri mwa anthu otere sadziwa. Kwa iwowa, kusankha zakudya zotsikirapo kumathandizadi kuti shuga asamakwere kwambiri, ngakhale thandizo lake ndi lapakatikati ndipo sililowa m'malo mwa mankhwala. Zomwe zimathandiza kwambiri ndi kuchepetsa mitanda ya nsima, kuchulukitsa ndiwo zamasamba ndi zanyemba, kusiya zakumwa zotsekemera, ndi kuyenda akamaliza kudya.

Ngozi yaikulu kwa wodwala shuga wogwira ntchito yolimba ndi kutsika kwa shuga, makamaka ngati amadzibaya insulini kapena amamwa mapiritsi a gilibenkalamaidi. Metifomini payekha kawirikawiri sachita zimenezi. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda msanga, njala yadzidzidzi ndi kusokonezeka mutu. Pa makina oyezera, shuga wotsika ndi wochepera 3.9 mmol/L. Munthu wotere asiye ntchito pomwepo, amwe madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, adikire mphindi 15, ndipo ngati sanapeze bwino abwereze. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Mtedza kapena nyemba sizingamupulumutse pa nthawi imeneyi chifukwa zimachedwa. Ngati wakomoka, osamuthira kanthu m'kamwa, koma mumugoneke cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala chapafupi, monga cha Pirimiti. Kwa msodzi amene ali pakati pa nyanja kapena wopalasa bwato la ku chilumba cha Chisi, kunyamula shuga pang'ono m'kathumba kosalowa madzi ndi nkhani ya moyo. Shuga akhozanso kutsika usiku wotsatira ntchito yolimba, choncho ndi bwino kukambirana ndi achipatala za mlingo wa mankhwala nyengo ya ntchito zolemetsa monga kuwokera ndi kukolola mpunga isanafike.

Kwa alangizi a zaumoyo

Munthu wa kwa Mwambo akakufunsani ngati asiye nsima kapena mpunga chifukwa cha indekisi, yambani ndi mafunso atatu. Kodi ali ndi matenda a shuga kapena akumwa mankhwala ake? Kodi ntchito kapena masewera ake amapitirira ola limodzi ndi theka osapuma? Kodi amagwira ntchito yolimba kawiri pa tsiku? Ngati mayankho onse ndi ayi, nambalayi siyofunika kumudetsa nkhawa. Adye kuchokera ku magulu asanu ndi limodzi a zakudya monga momwe angathere, ndipo mitanda ya nsima ifanane ndi ntchito ya tsikulo. Ngati wayankha inde pa funso lachiwiri kapena lachitatu, anyamule kamba wa panjira ndi madzi, ndipo asaope zakudya zogayika msanga. Ngati wayankha inde pa funso loyamba, muyezeni shuga, muoneni mbale yake, ndipo muonetsetse kuti iye ndi a pabanja pake akudziwa zizindikiro za kutsika kwa shuga.